PDF ya 86 MB ikukana kutseguka pa foni: ndiichepetse bwanji zithunzi zisafe?

Mlangizi wa ku Bembeke: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tili ndi kabuku ka alimi ka matenda a mbatata ya kachewere, masamba 48, zithunzi 30 zojambula pa foni. PDF yake ndi 86 MB. Pa webusayiti munthu amangoona tsamba loyera mpaka bandulo kutha. Ndikufuna tsamba loyamba lizitseguka msanga, koma madontho a chiwawu pa masamba a mbatata azionekabe bwino, chifukwa ntchito ya kabukuka yagona pamenepo.

Wamafoto Lizulu: Achimwene, yendetsani lamulo la `qpdf --linearize` pa kompyuta basi. Fayilo ichepa ndipo izitseguka nthawi yomweyo.

Mayi wa Makompyuta: A ku Lizulu, lamulo mwatchulalo ndi loona, koma silichepetsa fayilo. Nthawi zambiri imakulako pang'ono. PDF wamba imasunga mndandanda wa zamkati mwake kumapeto, ndiye pulogalamu yowerengera imafuna kaye kumapetoko isanadziwe pomwe pali tsamba loyamba. Lamuloli limangosanja fayilo mwatsopano: zonse za tsamba loyamba zimabwera kutsogolo, pamodzi ndi kalozera wonena pomwe masamba enawo akuyambira. Kulemera sikuchepa.

Bambo a ku Bembeke, ntchito zanu ndi ziwiri: kuchepetsa zithunzi, kenako kusanja fayilo. Tiyambe ndi zithunzi. Musanasinthe kanthu, yendetsani ili, mutiuze manambala a pansi pa `width`, `x-ppi`, `enc` ndi `size`:

```
pdfimages -list kabuku.pdf
```

Mlangizi wa ku Bembeke: Zikomo mayi. Zambiri zikuti `width` 4000, `x-ppi` 1016, `enc` ndi `jpeg`, `size` pafupifupi 2.7M. Ziwiri zokha zikuti `image`, `x-ppi` 320. Amenewo ndi matebulo a kasakanizidwe ka mankhwala amene tinajambula pa sikirini.

Mayi wa Makompyuta: Vuto ndi limenelo. Chithunzi cha mapikiselo 4000 m'lifupi, ndiye kuti timadontho topanga chithunzi, munachiika pa malo a masentimita 10, omwe ndi mainchi osakwana 4, ndiye inchi iliyonse yanyamula mapikiselo oposa 1000. Diso la munthu wowerenga tsamba pa kukula kwake kwenikweni silingaone zonsezo. Mukatsitsa kufika 200 pa inchi, chithunzi chitsala ndi mapikiselo pafupifupi 790 m'lifupi, ndipo mapikiselo onse pamodzi achepa ka 25. Pulogalamu yotchedwa Ghostscript imachita zimenezi:

```
gs -sDEVICE=pdfwrite -dDownsampleColorImages=true -dColorImageDownsampleType=/Bicubic -dColorImageResolution=200 -o chochepa.pdf kabuku.pdf
```

Pa Windows lembani `gswin64c` m'malo mwa `gs`. `/Bicubic` musaisiye: imasakaniza mapikiselo oyandikana potsitsa, pomwe `/Subsample` imangotola imodzi n'kutaya zinzake, mitsempha ya tsamba la mbatata n'kumaoneka ngati mano a sowo. Dziwaninso kuti Ghostscript imatsitsa chithunzi chokhacho chomwe chapyola nambala mwapemphayo ndi theka lake. Mukapempha 200, chithunzi cha 250 chitsala momwe chilili, pokhapokha muwonjezere `-dColorImageDownsampleThreshold=1.0`.

Kabuku koyambirira kasungeni padera. JPEG imataya kenakake nthawi iliyonse ikapanikizidwa, ndiye mukafuna kuyesa nambala ina yambirani ku fayilo ya 86 MB ija, osati ku `chochepa.pdf`.

Wamafoto Lizulu: Bwanji osangoika `-dPDFSETTINGS=/screen`? Ndi lalifupi ndipo limachepetsa kwambiri.

Mayi wa Makompyuta: Limachepetsadi, koma limatsitsa kufika 72 pa inchi. Chithunzi cha masentimita 10 chitsala ndi mapikiselo osakwana 300, ndipo kadontho ka chiwawu kongoyamba kumene kangosanduka banga lofiirira losadziwika bwino. `/ebook` imapereka 150, `/printer` 300. Pa kabuku ngati aka ndi bwino kulemba nambala nokha.

Mphunzitsi Ntcheu: Pepani kulowerera. Ine ndili ndi masatifiketi osikana, akufunika asapyole 2 MB polembera ntchito. Njira yake ndi yomweyi?

Wamafoto Lizulu: Aphunzitsi, inu sikaninso pa 200 kapena 300, mwa mtundu wotuwa, osati 600. A4 pa 600 imakhala ndi mapikiselo pafupifupi 35 miliyoni, pa 200 osakwana 4 miliyoni. Zosanja tsamba loyamba sizikukukhudzani, fayilo yanu akaitsitsa yonse. Musasankhe zakuda ndi zoyera zokhazokha, chidindo chimafufutika.

Mlangizi wa ku Bembeke: Yatsika kufika 4.6 MB! Zithunzi zili bwino, koma manambala a m'matebulo aja azunguliridwa ndi kautsi, moti 8 ndi 3 zikufanana.

Mayi wa Makompyuta: Matebulowo anali pa 320, ndiye nawonso atsitsidwa, ndipo kautsiko ndi chizindikiro choti asandutsidwa JPEG. JPEG imadula chithunzi m'timabokosi ta mapikiselo 8 kwa 8 n'kufewetsa za m'kati mwake. Pa tsamba la mbatata diso siliona kusinthako, koma pomwe chakuda chakumana ndi choyera, monga m'mphepete mwa nambala, chimaonekera. Apa musanyengerere, nambala yolakwika pa mlingo wa mankhwala ingaotchetse munda wa munthu. Matebulowo alembeninso ngati mawu enieni mu pulogalamu munakonzera kabukuka, mutulutse PDF yatsopano, kenako muyendetsenso `gs`. Mawu satsitsidwa, amaoneka bwino pa kukula kulikonse, komanso salemera.

Mukakhutira, malizani ndi kusanja:

```
qpdf --linearize chochepa.pdf chomaliza.pdf
pdfinfo chomaliza.pdf
```

Mzere wa `Optimized` uzinena `yes`. Mu Acrobat zomwezo zimalembedwa `Fast Web View: Yes`. Izi zikhale zomaliza ndithu: mukadzatsegula fayiloyo n'kukonza ngakhale chilembo chimodzi, mapulogalamu ambiri amangomata zosinthazo kumapeto, kusanja kuja n'kutha ntchito. Ndipo PDF yomwe yasainidwa kale pa kompyuta musaisanje, siginecha imaonongeka.

Wa Maseva Dedza: Ndiwonjezere mbali yomwe ambiri amaiwala. Fayilo ingasanjidwe bwino, koma kuti munthu adumphire pa tsamba 30 asanatsitse masamba 29 oyambawo, seva, kompyuta yosunga webusayiti yanu, iyenera kulola kupereka fayilo m'zidutswa. Yesani `curl -I` kutsogolo kwa linki ya PDF yanu. Mukufuna kuona `Accept-Ranges: bytes`. Mukaona `Content-Disposition: attachment`, seva ikulamula kuti fayilo itsitsidwe yonse m'malo moionetsa. Seva ikamapanikizanso PDF ndi `gzip`, pulogalamu yowerengera ya mu Firefox imasiya kupempha zidutswa, ndiye muuze wosamalira webusayiti azimitse zimenezo pa ma PDF. Komabe, bambo, musayembekeze zambiri pa foni. Mafoni ambiri a Android amatsitsa kaye fayilo yonse kenako n'kuitsegula, ndipo pa WhatsApp ndi chimodzimodzi. Kwa alimi anu chomwe chapulumutsa bandulo ndi kuchoka pa 86 kufika pa 4.6.

Wamafoto Lizulu: Ine 200 sindikugwirizana nayo. Mlimi sayang'ana chithunzi patali, amachikoka ndi zala kuti aone nguwi yoyera kunsi kwa tsamba la mbatata. Akachikuza katatu, mapikiselo 790 aonekera mabokosi. Ndikadaika 300.

Mayi wa Makompyuta: Pamenepo muli ndi mfundo. Pa 300 chithunzi chikhala ndi mapikiselo pafupifupi 1180 m'lifupi, ndipo zithunzi zilemera kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo pang'ono. Komabe ine ndikadasiya 200, n'kudula pafupi zithunzi zochepa zofunika kuonetsetsa, kuti banga lidzaze chithunzi chonse.

Mlangizi wa ku Bembeke: Ndipanga onse awiri, wa 200 ndi wa 300, ndiwatsegule pa foni yaing'ono ndione chithunzi cha kunsi kwa tsamba chija. Seva ikuonetsa `Accept-Ranges: bytes`, koma `attachment` ija iliponso. Imeneyo amachotsa ndi mwini seva, kapena ndingathe ndekha?