Katumba watupa mwendo umodzi wokha, kodi si magazi aundana?

Abale ndithandizeni, achemwali anga afika dzana pa basi, ulendo wa usiku wonse mpaka masana atakhala pampando wothina osatsika komanso madzi samamwa ati kuopa zokodzakodza panjira. Pano katumba wa mwendo wamanzere watupa, akutentha ukamugwira, khungu lachita kunyezimira ndipo akaponda pansi akuti zikukoka ngati mtsempha wakungika koma sanagwe kapena kubinya ayi. Tayeza ndi tepi ya telala, wakula kuposa wakumanja ndi masentimita 4.

Chikundiopsa nchoti amamwa mapilitsi olera, ndiye ndimadziwa kuti magazi akaundana mumtsempha wamkati chibuluma chija chimatha kuthothoka nkukatseka m'mapapo, munthu kungoyamba befu, chifuwa kubaya, mwina kutsokomola magazi, basi zathera pompo. Iwo akukakamira kuti tiwathowe ndi madzi otentha nkuwasisita, ine ndakana, kusisitako sikungachithothole?

Kupuma akupuma bwinobwino pakali pano, komabe ndikufuna tipite kuchipatala usiku uno osadikira mawa. Anamwino muli muno, tikafika tinene chani kuti asangotipatsa panado, awaunike mwendowu ndi sikani? Nanga mankhwala oletsa magazi kuundana amayamba asanaunike?