Bokisaiti wa pa Lichenya: n'chifukwa chiyani pomwepo?

Moni nonse aphunzitsi anzanga. Ndikuphunzitsa za nthaka, koma pena pandivuta.

Ndikumvetsa kuti kotentha kwa mvula yambiri miyala imafumbutuka, madzi n'kukokolola silika, kashiamu ndi potaziyamu kupita pansi. Zimatsala ndi chitsulo ndi aluminiyamu. Chitsulocho chikachita dzimbiri dothi limafiira, ndipo chimamanga fosifolasi, mbewu n'kulephera kumupeza.

Chandisokoneza n'chakuti pa Lichenya, pamwamba pa phiri la Mulanje, panapangika bokisaiti, mwala womwe amayengamo aluminiyamu, pomwe madera ena amvula kuli katondo chabe. Ndawerenga mabuku a kusukulu kwathu, ndafunsanso alangizi, onse akuthera pa kukokololako.

Kodi chimasiyanitsa ndi mwala wa sayenaiti, wokhala ndi aluminiyamu wambiri, kapena malo athyathyathya okwera omwe madzi sakhalitsapo? Odziwa za miyala, chonde ndithandizeni.