Kompyuta yanga ikungodzipatsa adiresi ya 169.254, ndithandizeni

Abale, ndasowa pogwira. Kompyuta ya pa ofesi pathu ikukana intaneti, ndipo ndikalemba `ipconfig` ikuonetsa 169.254.37.8 m'malo mwa 192.168.1 monga zinzake.

Mmene ndikudziwira, kompyuta imaitana ndi DISCOVER, rauta imayankha ndi OFFER, kenako REQUEST ndi ACK, adiresi nkuperekedwa kwa nthawi yoikika. Yankho likapanda kubwera, imadzisankhira yokha ya 169.254, ndiye kuti kuitana kwangaku sikukuyankhidwa.

Ndayesa `ipconfig /renew`, yangodikira nkulephera. Waya ndasintha, magetsi a padoko akuyaka.

Kodi maadiresi a rauta angathe? Tilipo ambiri, ndi mafoni omwe. Kapena vuto ndi doko la switchi? Ndiyambire pati?