Tchati chozungulira chikubisa chaka chimodzi: ndiike chiti poyerekeza matumba a 2023 ndi 2024?

Nachisale:
Akuluakulu, thandizeni. Komiti ya kopaletivi ikufuna tchati chosonyeza matumba a mbewu omwe tinagula kwa alimi zaka ziwiri zapitazi, ndipo msonkhano uli Lachisanu. Mu Excel ziwerengero zili chonchi, kuyambira A1 mpaka C6, matumba ake a makilogalamu 50:

```
Mbewu     2023   2024
Chimanga  420    380
Soya      310    465
Mtedza    280    295
Nandolo   90     160
Zonse     1100   1300
```

Ndasankha A2 mpaka C6 n'kudina Pie. Chatuluka chozungulira chimodzi, theka lake lonse ndi "Zonse", ndipo za 2024 sizikuoneka paliponse. Ndalakwitsa pati?

Bambo Mbewe:
Mayi Nachisale, zolakwika zilipo ziwiri, ndipo chachikulu si kadinidwe koma mtundu wa tchati.

Chaching'ono choyamba. Mzere wa "Zonse" suyenera kulowa nawo. Excel sadziwa kuti 1100 ndi kuphatikiza kwa zinayi zapamwambazo, amaitenga ngati mbewu yachisanu. Ndiye akaphatikiza 1100 wa mbewu ndi 1100 wa "Zonse", chigawo chimenecho chimadya theka ndendende. Mukaona chigawo chimodzi chatenga theka osapitirira osachepera, thamangirani kukaona ngati simunasankhe mzere wa kuphatikiza.

Chachikulu n'chakuti Pie amajambula ndandanda imodzi yokha ya manambala. Mukam'patsa ziwiri amatenga yoyamba, inayo n'kuisiya osakuuzani kanthu. N'chifukwa chake 2024 yasowa. Funso lomwe Pie amayankha ndi lakuti "pa zonse zomwe tinagula chaka chino, soya watenga gawo lalikulu bwanji?" Koma komiti yanu ikufunsa china: mbewu iti yakwera, iti yatsika. Limenelo ndi funso la tchati cha mizati, chija pa kompyuta chimalembedwa Clustered Column. Mbewu iliyonse imakhala ndi mizati iwiri yogundizana, wa 2023 ndi wa 2024, ndipo diso limaona lokha wamtali.

Sankhani A1 mpaka C5, mitu yapamwamba ikhalemo koma mzere 6 ayi. Pitani pa Insert, pagulu la Charts dinani Insert Column or Bar Chart, kenako pansi pa 2-D Column tengani choyambirira. Za 3-D zisiyeni. Nsonga za mizati zimapendekeka, munthu sadziwa kuti awerenge kutsogolo kapena kumbuyo kwake.

Jere wa ku sitolo:
Ine ndikuona ngati Line ndiye woyenera. Tinaphunzira kuti pakakhala zaka kapena miyezi timagwiritsa ntchito mzere. Apa pali zaka, si choncho?

Bambo Mbewe:
Achimwene, lamulolo ndi loona koma onani chomwe chigone m'munsi mwa tchati. Mukadina Line pa ziwerengerozi, pansi padzakhala chimanga, soya, mtedza, nandolo, ndipo mzere wa 2023 udzachoka pa chimanga kutsetserekera ku soya, n'kudzagwera ku nandolo. Woona adzati china chake chikutsika. Palibe chikutsika, chifukwa pakati pa chimanga ndi soya palibe ulendo uliwonse. Mutasintha dongosolo la mbewuzo, nandolo n'kukhala woyamba, mzere womwewo udzaoneka wokwera, manambala ali omwewo.

Mutha kudina Switch Row/Column pa Chart Design kuti zaka zibwere pansi. Pamenepo mudzapeza mizere inayi, uliwonse wa madontho awiri okha. Si bodza ayi, ndipo ena amaikonda, koma wa soya ndi wa chimanga udzapingasana, ndipo papepala lopanda mitundu agogo a m'komiti adzavutika kulondola kuti uwu ndi uti. Mzere umayamba kupindula nthawi zikachuluka, monga miyezi 12 kapena zaka zisanu ndi kupitirira.

Nachisale:
Zikomo bambo. Ndachita monga mwanenera, A1 mpaka C5, koma tsopano kwatuluka gulu lachisanu kumanzere lolembedwa "Mbewu", mizati yake iwiri italiitali kufika cha m'ma 2000. Mbewu zenizenizo zafupika zonse. Pansi palembedwa Series1 ndi Series2 m'malo mwa zaka.

Nangondo:
Asisi, imeneyo ndi mitu yanu. 2023 ndi 2024 mwazilemba ngati manambala, ndiye Excel akuganiza kuti ndi matumba 2023 ndi matumba 2024 a mbewu yotchedwa "Mbewu". Chizindikiro chake ndi chomwe mwaonacho, Series1 ndi Series2: sanapeze dzina loti apatse ndandandazo.

Konzani m'tebulo, osati m'tchati. Mu B1 lembani `Chaka 2023`, mu C1 `Chaka 2024`. Akakhala mawu sangawasokonezenso ndi matumba. Ngati mukufuna chaka chokha chioneke, yambani ndi kachizindikiro aka, `'2023`, kamene kamauza Excel kuti awa ndi mawu. Njira ina ndi kufufuta mawu a mu A1 kuti kabokosi kapakona kakhale kopanda kanthu, pamenepo amazindikira yekha kuti mzere wapamwamba ndi mitu. Ine ndimakonda yoyamba, chifukwa tebulo losowa mutu pakona limaoneka losatha mukalisindikiza.

Mukakonza, chotsani tchati chakalecho ndi Delete n'kuika china. Chakalecho chinagwira kale mzere 1 ngati manambala, ndipo kuchiwongola kudzera mu Select Data kumatenga nthawi kuposa kuyambiranso.

Kamwendo:
Pepani, kodi si nkhani yoika chithunzi m'kalata? Mu Word ndimangopita pa Insert, Chart, basi chabwera.

Nangondo:
Chimabwera, achimwene, koma chimabwera ndi manambala achitsanzo, Category 1 mpaka Category 4, oti muwafufute n'kulemba anu pamanja. Kwa amene ali nawo kale mu Excel kumeneko n'kulemba kawiri, ndipo polemba kachiwiri m'pamene 465 amasanduka 456. Pangani tchati mu Excel, muchikopere, mukachimate mu Word. Ngati lipotilo likupita kwa anthu ena, pomata sankhani Picture kuti chisasinthe wina akakhudza fayilo ya Excel.

Nachisale:
Chatheka! Magulu anayi, mizati iwiriiwiri. Soya akuoneka bwino kuti wadumpha, chimanga chatsika. Koma apampando adzafunsa ndithu za chozungulira chija, amachikonda. Ndingaike ziwiri, cha 2023 ndi cha 2024, moyandikana?

Bambo Mbewe:
Musanatero werengani za mtedza. Mu 2023 unali matumba 280 pa 1100, omwe ndi 25 pa 100 alionse. Mu 2024 ndi 295 pa 1300, omwe ndi 23 pa 100. Ndiye pa zozungulira ziwirizo chigawo cha mtedza chidzaoneka chochepa mu 2024, chonsecho munagula matumba 15 oonjezera. Wina m'komiti adzaimirira n'kufunsa chifukwa chomwe mtedza watsikira, ndipo mudzathera theka la ola kufotokoza chinthu chimene sichinachitike. Zozungulira ziwirizo zimajambulidwa zofanana kukula, sizionetsa kuti mphika wa 2024 unali waukulu ndi matumba 200.

Palinso vuto la diso. Mu 2023 soya ndi 28 pa 100, mtedza 25. Popanda manambala olembedwa, ndi ochepa angaloze chigawo chachikulu pa ziwirizo. Pa mizati, 310 ndi 280 zimasiyana poyera chifukwa zonse zaima pamzere umodzi.

Jere wa ku sitolo:
Komabe bambo, musachinyoze kwambiri. Kumudzi anthu amachimva msanga, chili ngati kugawa chikondamoyo. Funso likakhala loti mbewu iti inatenga malo aakulu m'nkhokwe chaka chino, chozungulira chimodzi cha 2024 chikwanira. Soya 36, chimanga 29, mtedza 23, nandolo 12.

Bambo Mbewe:
Apo sinditsutsa. Chaka chimodzi, zigawo zinayi, zonse pamodzi zikupanga chinthu chathunthu: ndiyo ntchito yake. Zigawo zikapitirira zisanu kapena zisanu ndi chimodzi m'pamene chimasanduka nyenyeswa. Mayi, mukafuna chimenecho sankhani A1 mpaka A5, gwirani Ctrl osasiya, sankhaninso C1 mpaka C5, kenako Insert ndi 2-D Pie. Popanda Ctrl mudzatenganso 2023. Koma ine ndikanachiika patsamba lina, osati pambali pa mizati.

Jere wa ku sitolo:
Ine ndikanaika tsamba limodzi. Masamba akachuluka lachiwiri saliona.

Nangondo:
Zimenezo aweruze ndi amene akuidziwa komitiyo. Ine ndibwerere ku mizati, chifukwa sichinathe kungoti chatuluka.

Dinani tchaticho, pakona yakumanja kumwamba patuluka kachizindikiro ka +. Chongani Data Labels kuti nambala ikhale pamutu pa mzati uliwonse. Mizati isanu ndi itatu siidzadzana. Chonganinso Axis Titles mulembe "Matumba a 50 kg" m'mbali, apo ayi wina adzayesa ndi matani kapena makwacha. Pomwe palembedwa Chart Title musasiye choncho. Amene muli ndi Excel wa 2007 kapena 2010, ka + kameneko kulibe, zonsezi zili pa Layout.

Ndipo ganizirani pulintala. Mitundu yomwe Excel amapereka yekha imasiyana bwino pa laputopu, koma ikasindikizidwa ndi inki yakuda yokha, kenako n'kudutsa pa fotokope, imayandikana kwambiri. Dinani mzati umodzi wa 2023 ndi batani lakumanja la mausi, Format Data Series, Fill, muupatse wotuwa woyererako. Wa 2024 muupatse wakuda bii. Sindikizani tsamba limodzi loyesera musanapange makope a anthu onse.

Gondwe:
Ndibwereke pomwepa. Changa ndi mtengo wa chimanga pa kilogalamu mwezi ndi mwezi, Januwale mpaka Disembala, ndiye ndaika Line. Mwezi wa Epulo sitinalembe mtengo, ndinaikapo 0, ndipo mzere wagwera pansi ngati chimanga chinali chaulere.

Nangondo:
Tchati mwasankha choyenera, bambo, miyezi 12 yotsatizana ndi ya mzere. Chotsani 0, kabokosiko kakhale kopanda kanthu, mzere udzaduka pa Epulo. Mukafuna kuti ulumikizike, dinani Select Data, kenako Hidden and Empty Cells, musankhe Connect data points with line, koma mulembe pansi kuti Epulo sanayezedwe. Ngati m'kabokosimo muli fomula yobweza `""`, Excel amaijambulabe ngati 0. Ibweze `NA()` m'malo mwake.

Nachisale:
Kena kamodzi. Ndayesa kupanga cha mtedza wokha, 280 ndi 295, ndipo mzati wa 2024 watalika kuposa kawiri wa 2023. Pa tchati chachikulu chija anali pafupifupi ofanana.

Bambo Mbewe:
Yang'anani manambala a m'mbali kumanzere, mupeza ayambira cha pa 270 osati pa 0. Manambala akayandikana kwambiri Excel amadula m'munsi yekha, ndiye mukuyerekeza 10 ndi 25 m'malo mwa 280 ndi 295. Pa mzere, monga wa a Gondwe, kudula koteroko kumaloleka chifukwa timaona kukwera ndi kutsika. Pa mizati ayi, popeza kutalika kwa mzati ndiye nambalayo. Dinani manambala a m'mbaliwo ndi batani lakumanja, Format Axis, pansi pa Bounds lembani 0 mu Minimum.

Nachisale:
Ndalemba 0, abwerera mwakale. Ndisindikiza cha mizati mawa m'mawa ndione ngati wotuwa uja akuoneka. Za chozungulira ndikamva kaye kwa apampando.