Chithunzi cha tsamba la chimanga: ndidziwa bwanji kuti apu ya AI ichilandira?

Mayi Nkhoma, Linthipe: Akuluakulu mwaswera bwanji. Thandizeni. Mlimi wanga wina chimanga chake chachita mizere yachikasu m'masamba, ndipo ndajambula zithunzi zisanu. Mufoni muno mwana wanga anandiikira maapu atatu ochezera a AI, koma sindikudziwa kuti yolandira chithunzi ndi iti. Bandulo yatsala mamegabaiti 40, netiweki kuno mpaka ukwere pachulu. Chithunzi chilichonse ndi mamegabaiti 4. Sindikufuna kumangoyesa mwachimbulimbuli. Pali njira yodziwira ndisanatumize?

Gift, wa shopu ya mbewu ku Mitundu: Madamu n'zosavuta izo. Yang'anani pomwe mumalemba uthenga paja. Mukaona chizindikiro cha `+` kapena kawaya kopanira mapepala kaja, basi imalandira. Ngati palibe, siyilandira.

Bambo Chirwa, Ekwendeni: Yanga imapanga zithunzi bwinobwino. Sabata yatha inandijambulira mbuzi ili m'khola la m'mwamba, ndinaika pa chikalata choitanira alimi ku chionetsero. Yesani yomweyo mayi.

Mayi Nkhoma, Linthipe: Bambo Chirwa zikomo, koma ine sindikufuna mbuzi. Chithunzi ndili nacho kale, ndikufuna iyoyo ichione.

Bambo Kamanga, Lilongwe: Bambo Chirwa, kujambula chithunzi ndi kuona chithunzi ndi ntchito ziwiri zosiyana. Apu ina imatha zonse, ina imodzi yokha. Ndiye mawu oti mupewe kunamizidwa nawo pa tsamba la apu ndi `image generation`. Amenewo akunena zokujambulirani mbuzi. Inu Mayi Nkhoma mukufuna mawu akuti `image input`, `image upload` kapena `vision`.

Gift wanena zoona, koma wasiyira panjira. Ka `+` ako kadineni ndithu, kudina sikudya bandulo, ndipo muone zomwe zituluke. Pakatuluka `Camera` ndi `Photos` kapena `Gallery`, chiyembekezo chilipo, chifukwa palibe angaike kamera pa apu yosafuna zithunzi. Pakatuluka `Files` yokha, chenjerani. Mwina ikudikira mapepala a PDF basi.

Ndiye pali msampha wina womwe ambiri sitiudziwa. Apu ikhoza kulandira chithunzi chanu, n'kuchionetsa pa sikirini bwinobwino, koma mkatimo n'kungotolamo zilembo zokha. Tsamba, mbozi, dothi, zonsezo osaziona. Mwachitsanzo DeepSeek mu 2025 inkalemba yokha pa batani lomatira mafayilo kuti `text extraction only`. Sinabise, koma timalemba take n'tating'ono ndipo tonse timathamangira kudina. Zinthuzi zimasintha pafupipafupi, choncho werengani zomwe zalembedwa pa yanuyo lero, osati kudalira zomwe ndinaona ine chaka china.

Gift, wa shopu ya mbewu ku Mitundu: Nanga osangoifunsa bwanji? Kulemba kuti kodi umaona zithunzi, ndi mawu atatu okha, bandulo yake n'njochepa.

Bambo Kamanga, Lilongwe: Achimwene, pamenepo m'posaponda. Chimene chimakuyankhanicho sichidziwa bwino mabatani a apu yomwe achiikamo. Chinaphunzitsidwa kalekale apuyo isanafike pomwe ili lero. Chikhoza kuvomera pomwe khomo lolowetsera chithunzi palibe, kapena kukana pomwe khomo lili chitsegukire. Zonse ziwiri zimachitika. Eni ake a apu ndiwo odziwa, ndipo amalemba pa tsamba lawo la `Help` kapena `FAQ`. Tsambalo nthawi zambiri ndi la malemba, silifika n'komwe pa chithunzi chanu chimodzi cha mamegabaiti 4.

Mayi Tembo, Chipata: Ndilowererepo ndi zomwe zinandichitikira ine, chifukwa ndinatsala pang'ono kuchita manyazi pamaso pa alimi. Mlimi anabwera ndi tsamba la chimanga lobooka ndi botolo la mankhwala lomwe anagula pamsika. Ndinaika zonse ziwiri patebulo, n'kujambula chithunzi chimodzi, n'kutumiza pa apu ina yomwe sinditchula. Yankho linabwera lalitali, laulemu, lofotokoza za ntchemberezandonda ndi kapoperedwe kake. Ndinasangalala kuti eee, yaona mbozi. Mawa lake ndinatumiza tsamba lina lokha popanda botolo, n'kungobwera uthenga wakuti m'chithunzimo simunapezeke malemba. M'pamene ndinazindikira kuti dzulo lija inangowerenga pepala la pabotolo, pomwe panalembedwa mayina a mbozi zomwe mankhwalawo amapha. Tsamba lija sinalione ngakhale pang'ono. Mwayi wake mbozi inalidi yomweyo, ndinali nditafunyulula kale mumtima mwa chimangacho n'kuipeza ndi ndowe zake zonga utuchi. Koma akanakhala kapuchi bwanji?

Bambo Kamanga, Lilongwe: Ndi zimenezotu Mayi Tembo. Ndiye Mayi Nkhoma, ndikanakhala ine ndi mamegabaiti 40 amenewo ndikanachita motere.

Maapu atatu aja dinani `+` pa iliyonse. Yopanda `Camera` kapena `Photos` isiyeni kaye. Zotsalazo onetsetsani kuti mwalowa ndi akaunti yanu, chifukwa ena amabisa batani la zithunzi kwa munthu wongodutsa wosalowa. Ngati pamwamba pali posankhira dzina la modelo, ubongo womwe umakuyankhaniwo, dziwani kuti apu imodzi yomweyo ikhoza kukhala ndi modelo yoona ndi ina yosaona. Mukasintha dzina pamwambapo n'kuona batani la zithunzi lafota kapena lasowa, yankho mwalipeza kale.

Kenako, zithunzi zanu zisanu zija musazikhudze. Tengani tomato atatu ndi supuni imodzi, ikani pa mbale yopanda zolemba, jambulani. Tsegulani chithunzicho, jambulani sikirini yake, dulani mbali zonse kutsale kambale kokha. Kachithunzi kotero kamakhala kochepa kwambiri, nthawi zambiri sikafika megabaiti imodzi. Tumizani kameneko n'kulemba kuti ifotokoze zomwe zili apa, osatchula tomato, osatchula mbale. Ikatchula tomato atatu ndi supuni, ili ndi maso. Ikadandaula kuti palibe malemba, ndi yowerenga chabe. Ikayankha zozungulirazungulira, zoti zikhoza kunenedwa pa chithunzi chilichonse, musaikhulupirire.

Chofunika n'chakuti yankho lisapezeke kwina kulikonse kupatula m'chithunzimo. Ngakhale dzina la fayilo. Mukalitcha `tomato.jpg` mwaiuza kale mayeso.

Mayi Nkhoma, Linthipe: Koma bwana apa nditumizabe chithunzi. Ine ndimafuna kudziwa ndisanatumize.

Bambo Kamanga, Lilongwe: Mwandigwira. Zoona, popanda kutumiza kalikonse mungadziwe ngati ikulandira. Mabatani ndi tsamba la `Help` zikuuzani zimenezo. Koma zoti ikuonadi, ngati eni ake sanalembe poyera, ine njira ina sindinaipeze kupatula tomato uja. Bola kutaya kachithunzi kamodzi kusiyana ndi mamegabaiti 20 a zithunzi zisanu.

Chisomo, wophunzira ku Bunda: Ine ndimayang'ana pa Play Store. Pansi pa apu iliyonse pali `Data safety`, ndipo ngati alemba `Photos and videos` ndiye kuti zithunzi zimalowa. Komanso mu `Settings` ya foni mukhoza kuona ngati apuyo imapempha chilolezo cha `Camera`.

Bambo Kamanga, Lilongwe: Chisomo, n'chizindikiro ndithu, koma chofooka. `Photos and videos` ikhoza kulembedwa chifukwa cha chithunzi cha nkhope chomwe munthu amaika pa akaunti, ndipo apu yowerenga zilembo zokha ija nayonso imalandira zithunzi. Za chilolezo, mafoni a Android 13 kupita m'tsogolo ali ndi posankhira zithunzi pomwe apu sifunika kupempha chilolezo chilichonse. Ndiye kusapempha sikutanthauza kuti siyilandira. Pa Play Store pomwepo ine ndimakonda kuwerenga `About this app`, koma kutsegula tsamba lonselo pali zithunzi zotsatsira zambiri, ndipo pa bandulo ya Mayi Nkhoma sindingalimbikitse.

Kuti tisavutike ndi zodziwika kale: ChatGPT inayamba kulandira zithunzi mu 2023 kwa olipira, ndipo mu 2024 anatsegulira ndi osalipira omwe, koma ndi malire. Gemini ndi Claude nazonso zimaona zithunzi. Malire amenewo ndi omwe amasokoneza anthu. Munthu amatumiza zingapo m'mawa, masana apu n'kukana, iye n'kumati yaonongeka, pomwe wangomaliza gawo lake, adikire nthawi ikwane. Ndiye musayambe ndi zithunzi zosaoneka bwino. Sankhani ziwiri zabwino, china cha tsamba pafupi, china cha phesi lonse.

Bambo Chirwa, Ekwendeni: Nanga izi za pa WhatsApp, zomwe mabungwe akutipatsa manambala kuti tizifunsa? Pamenepo kawaya kopanira kaja kalipo nthawi zonse.

Mayi Tembo, Chipata: Kawaya kameneko n'ka WhatsApp, si ka chinthu chomwe mukulankhula nachocho. Kamaoneka ngakhale mukucheza ndi agogo anu. Timizere tiwiri tikungosonyeza kuti uthenga wafika, osati kuti waonedwa ndi maso.

Bambo Kamanga, Lilongwe: Eya, pa WhatsApp njira ya mabatani sigwira. Chotsala ndi uthenga woyamba uja wokulandirani, pomwe ena amalemba kuti tumizani mawu, liwu kapena chithunzi, ndi kufunsa anthu a bungwe lomwe linabweretsa nambalayo. Ubwino wake WhatsApp imafinya chithunzi yokha ngati simunasankhe `HD` kapena kutumiza ngati `Document`, ndiye kuyesa n'kotsika mtengo. Kuipa kwake kufinyako kumafufuta timizere ting'onoting'ono ta patsamba, tomwe tikufunikato.

Gift, wa shopu ya mbewu ku Mitundu: Ine ndikuonabe kuti mukuzitalikitsa. Makasitomala anga amangotumiza, ikakana yakana.

Mayi Tembo, Chipata: Yokana sivuta achimwene. Yanga ija sinakane.

Mayi Nkhoma, Linthipe: Ndabwerako ku chulu. Yoyamba ili ndi `Files` yokha, ndaisiya. Yachiwiri ndi yachitatu zonse zili ndi `Camera`. Tomato ndinalibe, ndaika anyezi awiri ndi mpeni. Yachiwiri yatchula zonse molondola. Yachitatu yazungulira mphindi zinayi kenako yalemba kuti `Upload failed`, ndiye kaya ndi netiweki kaya ndi iyoyo. Ndatumiza zithunzi ziwiri za chimanga pa yachiwiri ija nditazichepetsa, bandulo yatsala 33.

Bambo Kamanga, Lilongwe: `Upload failed` kawirikawiri ndi netiweki, mudzayesenso mukapita pa boma. Koma musanauze mlimi chilichonse bwererani kumundako. Chikasucho chikuyambira kunsonga kwa masamba a m'munsi n'kumatsika ndi msempha wapakati, kapena ndi timizere todukaduka pa masamba atsopano a pamwamba? Choyambacho ndi njala ya feteleza wobereketsa, chachiwiricho ndi matenda aja ofalitsidwa ndi tizilombo todumpha, ndipo amenewo feteleza sachiza.

Mayi Nkhoma, Linthipe: Ndi masamba a pamwamba, koma si mapesi onse, ndi apa ndi apo. Ndipita mawa m'mawa ndikafunse kuti anadzala liti ndipo mbewu anaitenga kuti. Pali amene ali ndi njinga yamoto yopita cha ku Mayani?