Paketi ya tomato iyi, ndigule kapena ayi?

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Mlamu wanga ali pa Kamuzu Road wanditumizira chithunzi ichi, akuti wapeza mbewu ya tomato mu sitolo ina ndipo wogulitsa akuti ndi yopirira dzuwa. Ine ndili kuno ku Chipoka, dimba langa lili m'mbali mwa mtsinje, dothi lake ndi la mchenga. Ndikufuna kufesa sabata ino, Ogasiti asanathe, kuti ndidzagulitse mu Disembala tomato akamasowa. Koma chala chake chaphimba zilembo zina. Ndi mbewu yanji imeneyi? Ndimutumizire ndalama?

Achimwene Yohane: Ameneyo ndi Money Maker, ndikumudziwa. Gulani, amabereka mpaka kutopa naye.

Bambo Kamanga: Achimwene, yang'anitsitsaninso tomato wajambulidwa papaketipo. Ndi wotalika ngati dzira. Money Maker ndi wobulungira, ndipo mtengo wake umangokulabe, umafuna kuuimikira mitengo. Ndakulitsa chithunzichi. Pamwamba pakuoneka zilembo `AYRES`, ndiye kampani yake ndi Starke Ayres ya ku South Africa. Pansipa pakuoneka `MA VF` kenako chala. Ameneyu ndi Roma. Chomwe sitikuona ndi choti pansi pa chalacho pali chilembo china kapena ayi, chifukwa pali Roma VF komanso Roma VFN, ndipo kwa inu a dothi la mchenga chilembo chimodzicho ndi nkhani.

Achimwene Yohane: Chabwino, ndi Roma. Ndiye bwinonso, Roma ndi wolimba. Zilembo za VF zija si ndiye zikusonyeza kuti amapirira?

Bambo Kamanga: Amapirira inde, koma osati dzuwa. V ndi F ndi matenda awiri a m'nthaka ofotetsa tomato, aja amayamba ndi masamba am'munsi kuchita chikasu mpaka mtengo wonse kugwa. N ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timalowa m'mizu n'kuitupitsa. Pa zilembo zitatuzi palibe chimene chikunena za kutentha. Wogulitsayo mwina amatanthauza kuti Roma ali ndi khungu lolimba, saphwanyika msanga pa benchi ngakhale dzuwa limuwombe. Zimenezo ndi zoona. Koma kulimba kwa chipatso chakupsa ndi nkhani ina, kugwira kwa maluwa mu Okutobala ndi nkhani inanso.

Mayi a Tadala: Bambo Kamanga, za mizu kutupazo ndinaziona chaka chatha pa therere. Nditazula, mizu inali ndi timibulu timibulu. Ndimayesa ndi mmene imakhalira.

Bambo Kamanga: Ayi mayi, ndi tinyongolotsi timeneto, ndipo timakonda mchenga wotentha ngati wathu wa kunyanja kuno. Therere ndi tomato onse timawagwira. Kudziwa kwake n'kosavuta: timibulu ta pa mizu ya nyemba kapena mtedza timathothoka mukatikanda ndi chala, ndipo timeneto n'tabwino. Ta matendawa sitithothoka, chifukwa ndi muzu weniweniwo watupa. Mbewu yake imafota masana ngakhale mwathirira m'mawa, madzulo n'kudzukanso. Ndiye pamene panali therere paja musawokerepo tomato. Ndipo ngakhale paketiyo itakhala ndi N, musadalire kwambiri, chifukwa chitetezo chimenechi chimafooka nthaka ikatentha kupitirira madigiri 28, ndipo mchenga wa ku Chipoka mu Okutobala umapitirira pamenepo kutalitali.

Che Jafali: Ine pepani ndilowererepo. Paketi ya kampani yomweyo ndinagulapo ya kabichi, inamera bwino kwambiri, pafupifupi yonse. Kampaniyo ilibe vuto. Gulani mayi.

Anaphiri: Che Jafali, funso si la kampani. Mbewu ikhoza kumera yonse koma osabereka. Ine ndimalima ku Lifuwu, ndipo chaka china ndinawokera tomato kumapeto kwa Seputembala. Mitengo inakula yobiriwira bwinobwino, anthu odutsa ankaima kuyamikira. Maluwa atabwera, m'mawa uliwonse ndimapeza pansi pali mbwee timaluwa tachikasu. Ukagwira kamtengo ka duwa, pamfundo paja pachita chikasu, kungokhudza basi kagwa. Ndinathira feteleza, ndinapopera mankhwala, osasintha. Anayamba kugwira mvula itagwa kunja kutazizirako, koma pamenepo masamba anayamba kupsa ndi matenda a mvula.

Bambo Kamanga: Zimene anena Anaphiri ndiye pagona nkhani. Tiyeni tiwerenge masiku anu, mayi. Mukafesa pa nazale kumapeto kwa Ogasiti, mbande zimakhala masabata anayi, ndiye muwokera kumapeto kwa Seputembala. Kuchokera pamenepo pamatenga masabata atatu kapena anayi kuti maluwa ayambe. Ndiye kuti maluwa anu adzatseguka kuyambira chapakati pa Okutobala mpaka mu Novembala, nthawi yeniyeni imene Salima amaphika. Tomato masana kukatentha kupitirira madigiri 32, mungu wake umawonongeka. Choopsa kwambiri ndi usiku: ukamakhala wotentha kupitirira madigiri 21 masiku otsatizana, duwa silipuma, limayoyoka lisanagwire. Ku Dedza ndi ku Ntcheu masana kukhoza kutentha koma usiku kumazizira, n'chifukwa chake a ku Lizulu amadzaza madengu miyezi imene ife tikugona pakhonde. Roma ndi wa mtengo waufupi, amatulutsa maluwa ake ambiri m'masabata ochepa n'kusiya kukula. Masabata amenewo akagwera pa kutentha, alibe mpata wodzabwezera.

Achimwene Yohane: Koma akathirira kwambiri? Madzi alipo ku Chipoka, si ali pamtsinje?

Anaphiri: Madzi amathandiza mtengo kuti usafote, koma sangaziziritse usiku. Ndipo pa Roma kathiriridwe kali ndi vuto lakelake. Tomato wotalikayu amaola kumatako, pamachita chibanga chakuda chouma. Anthu amathamangira mankhwala, koma si tizilombo. Zimabwera nthaka ikamauma lero, mawa n'kukhuta madzi, mkuja n'kuumanso. Pa mchenga madzi sakhalitsa, ndiye ukadumphitsa tsiku limodzi chifukwa cha maliro kapena msika, zipatso zoyambazo zapita.

Bambo Kamanga: Eya. Chipatso chimafuna kashiyamu, ndipo amayenda ndi madzi kuchokera m'mizu. Madzi akadukiza, kunsonga kwa chipatso sikumulandira. Mankhwala ake ndi manyowa owolerana ambiri m'phando, kuphimbira ndi udzu kapena mapesi a mpunga, ndi kuthirira m'mawa ndi madzulo osadumphitsa.

Mayi a Tadala: Ndiye mukuti ndisagule? Mtima wanga unali pa mtengo wa Disembala uja. Nthawi imeneyo kamulu ka tomato anayi kamadula, pamene mu Julayi aliyense ali naye, timangotaya.

Che Jafali: Ndi zomwe ndikunena ine. Ngakhale atagwira theka, mtengo wa Disembala ubweza ndalama. Kwathu ku Nkhotakota alipo amene amakolola tomato mu Novembala, ndimawaona ndi maso anga. Amaika mthunzi wa udzu pamwamba, wopyapyala, dzuwa la masana lisawombe mwachindunji.

Bambo Kamanga: Pamenepo Che Jafali akunena zoona, mthunzi umathandiza, makamaka wotchinga dzuwa la kuyambira 11 koloko mpaka cha m'ma 3. Koma mukawafunse anthuwo kuti amabzala mbewu yanji. Ambiri amene amapambana nthawi imeneyi amagula ya haibulidi, yolembedwa `F1` papaketi, ndipo kumbuyo kwake kapena m'kabuku ka kampani amalemba poyera kuti imagwira zipatso kukatentha. Imadula kwambiri, njere zake amachita kuwerenga. Kampani yomweyi ili nayo, mayina ake amayamba ndi STAR kenako nambala, koma si STAR aliyense wa kotentha, muyenera kufunsa nambala yake ndi kuwerenga zimene alemba. Palinso timatimati tating'ono tam'midzi tija, timene timamera tokha kudzala. Timeneto timagwira ngakhale kutenthe, kungoti pamsika anthu satifuna kwenikweni.

Achimwene Yohane: Nanga Tengeru? Aliyense akubzala Tengeru masiku ano.

Bambo Kamanga: Tengeru 97 anachokera ku Tanzania, dera la Tengeru kufupi ndi Arusha, komwe ndi kumtunda kozizira. Ndi tomato wabwino, wosachedwa kugulika, amayenda ulendo osaphwanyika. Koma ine sindinganene kuti amaposa Roma pa usiku wotentha.

Anaphiri: Kwa ine Tengeru anagwirako bwino kuposa Roma, chifukwa amapitiriza kutulutsa maluwa. Oyamba akagwa, ena amabwera.

Bambo Kamanga: Zikhoza kutheka, poti mtengo wake umakula nthawi yaitali. Koma akangaude ofiira nawonso amapeza nthawi yaitali yomudya. Mu Okutobala kukauma, tembenuzani tsamba muone kunsi kwake, mupeza timadontho toyenda ndi ulusi wopyapyala.

Gogo Nasimango: Ana inu, bwanji osabzala bonongwe ndi chitambe nthawi yotenthayi? Masabata anayi mwayamba kuthyola, ndipo mu Okutobala ndiwo zamasamba zimasowa pamsika. Tomatoyo mufese mu Epulo.

Mayi a Tadala: Agogo, bonongwe ndibzala ndithu, koma ndalama ya fizi ya Januwale sichokera mu bonongwe.

Bambo Kamanga: Ndiye chitani chonchi. Alamu anu asalipire kaye. Ajambulenso kutsogolo chala atachotsa, kenako kumbuyo. Kumbuyoko tione zinthu zitatu: tsiku limene inapakidwa kapena lothera ntchito, nambala ya gulu la mbewuyo, ndi kulemera kwake. Aonenso ngati kukamwa kwa paketi n'komata kwa kufakitale, osati kwa guluu kapena sitepulo. Chinanso, pachithunzichi mtundu wofiira wa tomatoyo ukuoneka wofwifwa. Mwina ndi foni chabe, koma mwina paketi yakhalitsa pawindo, ndipo njere zophikidwa ndi dzuwa la pawindo sizimera bwino ngakhale tsiku lisanathe. Apemphe ya m'katoni. Pa kuchuluka musataye ndalama: galamu imodzi ya tomato imakhala ndi njere pafupifupi 300, ndiye ngati mukufuna mitengo 400, magalamu awiri akukwanirani.

Anaphiri: Ikafika muiyese musanakonze nazale. Njere 20 pa kansalu konyowa, mupinde, muike mumbale pamthunzi, muzinyowetsa. Pakatha sabata muwerenge. Zikamera zosakwana 15, mufese mothinana kapena mubweze.

Bambo Kamanga: Maganizo anga ndi awa: paketiyi ndi yoyenera kugula ngati tsiku lake lili bwino, koma ndi ya kufesa mu Epulo kapena Meyi, kuti maluwa adzakumane ndi mwera. Mutha kuisunga m'botolo lotseka bwino, pamalo ozizira m'nyumba. Ya Disembalayo funani ya kotentha.

Che Jafali: Ine ndikanafesa theka pano, theka n'kusunga. Osayesa sadziwa dimba lake.

Mayi a Tadala: Ndamuimbira, akuti abwerera kusitoloko mawa m'mawa akajambule kumbuyo, akafunsenso mtengo wa ya haibulidiyo. Zikafika ndiponya pompano. Anaphiri, mthunzi wa udzuwo munayamba mwauyesapo ku Lifuwu? Ndikufuna kudziwa kutalika kwa mafoloko ake, chifukwa kuno mphepo ya kunyanja imagwetsa zinthu.