Ndabweranso ndi nkhani ya maloto a ndalama aja

Mwezi wathawu ndinafunsa kuti: "Ndimagwira ntchito m'shopu ku Joni, ndipo ndikumalota ndatola ndalama panjira, koma ndikati ndiziwerenge zasanduka masamba. Kodi ndi tsoka?"

Ambiri munandiyankha, zikomo. Ena munati kutola ndalama kutulo ndi chizindikiro cha umphawi, ena munati alipo akundichita chipongwe kumudzi. Koma mayi wina anangondifunsa kuti, "Achimwene, ndalama zanu mumagona nazo pati?" Funso limeneli linandilasa mtima.

Zoona zake n'zakuti ndinali ndi R4,200 m'sokosi pansi pa matiresi, m'chipinda chogona anthu anayi. Chitseko chake n'chokhoma ndi waya. Galu akangouwa panja ndinkadzidzimuka n'kuyamba kupapasa pansi pa matiresi, ndiye munthu wotere angalote chiyani china? Nditaganiza bwino ndinaonanso kuti malotowo ankabwera kwambiri kumapeto kwa mwezi, ndikangolandira.

Tsopano ndikalandira sindigona nazo. Ndimatumiza tsiku lomwelo kudzera ku Mukuru, mkazi wanga n'kulandira ku Mangochi, ine n'kutsala ndi ya lendi ndi ya kamba basi. Ndalama yotumizira imandiwawa, sindinama, koma kusiyana n'kuberedwa zonse. Pasipoti ndinaijambula pa foni, chithunzi n'kutumiza kwa mlongo wanga.

Papita milungu itatu osalota masamba aja. Dzana ndinalota ndataya chikwama pa Park Station, koma usiku umenewo n'kuti apolisi atayenda mumsewu mwathu kufunsa mapepala.